Folo Koloko ya Achimwene

Kwathu kuno munthu akakuuza pafoni kuti ali pafupi, dziwa kuti akadafunafuna nsapato. Akati wanyamuka, ndiye kuti madzi osamba angotereka kumene. Tonse timatero, ine ndemwe, ndipo palibe amene amakwiya nazo kwenikweni, poti womvayo amawonjezera yekha maola ake mumtima. Achimwene anga okha ndi amene anabadwa opanda luso limeneli. Ukawafunsa kuti afika nthawi yanji, amayamba akhala chete ngati wawafunsa funso la m'kalasi, kenako amakuuza nthawi yoti ikuwawe mtima. Kwa zaka zambiri ndinkaona ngati n'kuuma mutu chabe.

Iwowo ndi achisamba m'nyumba mwathu, ine ndine chitsirizira. Ntchito yawo ndi yonyamula katundu wa alendo okwera phiri, kuchokera pa Likhubula patsinde pa phirilo kukafika ku Chambe kumtunda kapena kupitirira. Bambo athu anatisiya kale, atsibweni nawo anatsatira, choncho umwinimbumba unagwera iwo asanamere ndevu zokwanira. Amayi sankachita kanthu kakakulu osawamva. Ngakhale kugulitsa mbuzi, ankati, "Tidikire achimwene ako."

Amayi anali ndi ng'ala. Inayamba diso lakumanzere, kenako inawolokera linalo, ndipo pofika chaka chimene ndikunenachi ankangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Anali atasiya kupita kumunda. Ankakhala pakhonde n'kumasankha nandolo ndi zala, ndipo ankatidziwa ndi mawu kapena kayendedwe. Zinkandipweteka kuwaona akupapasa khoma popita kuseri, chifukwa awa ndi mayi amene pa utsikana wawo ankasenza matabwa kuchokera ku Chambe, nkhata pamutu, mapazi opanda nsapato, n'kufika pansi osagwa. Njira ya m'phirimo ankaidziwa kuposa njira ya kutchalitchi.

Tsiku lina kutchalitchiko analengeza kuti madokotala a maso abwera kuchipatala cha mishoni kudzapala ng'ala. Tinapita nawo kukawapima, ndipo anatiuza kuti diso limodzi likhoza kupalidwa ulendo uno, linalo mtsogolo. Tikubwerera kunyumba amayi anakana kwamtuwagalu. Anali atamva kwa anzawo kuti kumeneko amakolowola diso, n'kuliika m'mbale, n'kulitsuka ngati chinangwa. Ndinayesa kuwafotokozera zimene anamwino ananena, kuti diso silichoka m'malo mwake, kuti amangobaya jekeseni pambali kuti pachite dzanzi, munthu ali maso, ndipo ntchito yake sichedwa. Anangoti, "Iwe unayamba wapalidwapo?"

Amene anawagonjetsa ndi achimwene. Anakhala nawo pakhonde madzulo angapo, osawakakamiza, mpaka amayi anavomera. Koma anaika lamulo limodzi.

"Pakhomo la fiyeta ukandifikitse ndiwe. Ukakhala palibe, ine sindilowa."

"Ndikakufikitsani, amayi."

Ndinali pomwepo ndikutsuka mbale, ndipo sindibisa, zinandikhudza. Wowaphikira ndinali ine, wowasambitsa ine, wowatsogolera kutchalitchi ine, koma pofika pa chinthu choopsa dzanja lofunika linali la mwana wamwamuna. Ndinangopitiriza kutsuka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Sabata yomweyo ya opaleshoni kunabwera alendo pa Likhubula, ndipo onyamula katundu amapita mosinthana, aliyense ndi nthawi yake. Nthawi ya achimwene inakwana atadikira kwa masabata, ndipo kuikana kukanatanthauza kubwerera kumchira kwa mzere. Amayi eniake ndi amene anawauza kuti apite. Achimwene anagwirizana ndi anzawo kuti akawafikitse alendowo ku Chambe, agone, ndipo tsiku la opaleshonilo alawirire mbandakucha kutsika, anzawowo apitirire ndi alendo. Kutsika kopanda katundu, kunja kuli kouma, akanatipeza kuchipatala tisanamalize n'kumwa phala komwe.

Ife tinapita kuchipatala dzulo lake, tinagona komweko. Kutacha ndinatuluka panja, ndipo mtima unangoti myuu. Phiri kunalibe. Chiperoni chinali chitaphimba zonse, kamvula kosalekeza kaja, kozizira mpaka m'mafupa, koti ngakhale minda ya tiyi yapafupi sinkaoneka. Sindinawauze amayi, koma iwo anali atamva kale padenga.

"Yayamba liti imeneyi?"

"Usiku, amayi."

Anangokoka chitenje n'kufunda mapewa.

Anawayeza magazi ndi shuga, zonse zinali bwino. Anawadontheza mankhwala m'diso, n'kutikhazika pabenchi lalitali pakhonde la fiyeta, pamodzi ndi agogo ena ambiri, aliyense ndi womudikirira wake. Namwino ankatuluka, kuitana dzina, munthu n'kulowa. Amene ankatuluka ankatuluka ndi bandeji padiso, akuyenda okha ndi miyendo yawo, ena mpaka akuseka. Ndinkawanong'oneza amayi kuti taonani, ndikuiwala kuti kuonako ndi kumene tinabwerera.

Dzina lawo litaitanidwa, amayi sanasunthe.

"Ndikudikira mwana wanga."

"Si awa ali pambali panuwa?" anafunsa namwinoyo.

"Wina."

Namwinoyo anali mayi wodekha, wooneka kuti zoterezi anaziona kambirimbiri. Anati palibe vuto, awaika kumapeto. Koma anandikokera pambali n'kundiuza mosabisa kuti madokotalawo ndi alendo, ntchito yopala ikutha lero lomwe, ikamakwana thuu koloko akhala akutseka. Mawa m'mawa angomasula mabandeji, kuona odwala, n'kunyamuka. Zoti adzabweranso liti, iye sankadziwa.

Ndinayimba foni ya achimwene. Sinkapezeka. Ndinayimbanso, ndi kuyimbanso, mpaka mawu a mayi wa mufoni uja anayamba kundinyansa ngati ndi iye wabweretsa mvula. Ndinkadziwa bwino kuti kumtunda kuja netiweki imapezeka malo owerengeka, makamaka m'mphepete poyang'ana kunsi, koma kudziwa sikuletsa chala kudina. Benchi linkapunguka. Dzina la amayi linaitanidwa kachiwiri, ndipo kachiwiri anati akudikira mwana wawo. Akamva mapazi a mwamuna pakhondepo ankatukula mutu, kumvetsera, n'kuweramanso.

Cha m'ma leveni foni inalira kamodzi, kulira kwa uthenga. Ndinawerenga chamumtima, ndipo ndinamva kutentha kumaso.

Pambali panga panali mayi wina wa kufupi ndi kumalire, amene anabwera ndi apongozi ake. Tinali titazolowerana kuyambira dzulo, poti tinaphika pa mafuwa amodzi. Anasuzumira pafoniyo, n'kundigwira pabondo.

"Asisi, musawawerengere zimenezo," ananong'ona. "Auzeni kuti ali pa Chitakale, pafupi pompa, akukwera njinga. Mtima ukhala pansi, alowa. Amuna amenewa sadziwa kulankhula ndi nkhalamba."

Ndinagwirizana naye. Mumtima ndinkawakalipira achimwene kuti munthu wamkulu ngati iwo angalephere bwanji kulemba mawu awiri okha oti ndili pafupi, monga amalembera munthu aliyense wanzeru zake. Ndinaona ngati atiphera ulendo wonse. Ndinkaganiza kuti amayi akamva nthawi imeneyo anena kuti tiyeni tizipita kwathu.

Koma makutu a munthu wosaona si oseweretsa.

"Ndi achimwene ako amenewo?"

"Eee, amayi."

"Werenga. Uwerenge mmene walembera, usathiremo mchere wako."

Ndinayang'ana mayi uja, iye anayang'ana kumbali. Ndinawerenga.

"Amayi pepani kwambiri, ndakulakwirani. Sindifika m'mawa uno monga ndinalonjezera. Mvula yagwa usiku wonse, mtsinje unadzaza, ndawoloka kumene. Panopa ndili m'mphepete mwa Chambe, sindinayambe kutsika. Miyala ikuterera, sindithamanga. Ndifika kuchipatalako folo koloko madzulo, osati isanakwane. Akakuitanani musandidikire. Potuluka simundipeza, koma folo koloko ndikhala pambali panu."

"Bwereza."

Ndinabwereza. Amayi anakhala chete, milomo yokha ikugwedezeka. Ndinkayesa akupemphera, koma nditatchera khutu ndinamva kuti akutsika phiri. Ankatchula malo amodziamodzi: potsetsereka poyamba pamene munthu umatsika chammbali, pamwala waukulu pamene ankatulira matabwa kuti apume, pathanthwe loterera limene mvula ikagwa umadutsa chokhala pansi, kenako m'mitengo, kenako pamsewu.

"Ife tinkanyamuka kumtunda dzuwa litangotuluka," anatero mokweza pang'ono, "pofika pansi ana asukulu ali pa buleki. Kumeneko kunali kouma. Lero kwanyowa, ndiye uwonjezerepo. Akafika pa Likhubula apeze njinga, ndipo mvula ikamagwa anyamata anjinga amabisala. Pa Chitakale asinthenso." Anagwedeza mutu. "Sananame. Ndi folo imeneyo."

Kenako anafunsa kuti madokotala akumaliza nthawi yanji. Ndinawauza zimene namwino ananena.

Apa ndi pamene ndinaopa kwambiri. Amayi anaika manja pamiyendo, akupotokola nsonga ya chitenje. Agogo awiri okha ndi amene anatsala patsogolo pathu. Ndinkafuna kuwachonderera, koma china chake chinanditseka pakamwa, ndipo ndikuthokoza kuti chinatero.

"Ndiye kuti ngakhale ndikhale pabenchi pano mpaka ndimere mizu, sandipezapo madokotala asanatseke."

"Sakupezani, amayi."

"Nanga ndikudikira chiyani?"

Funsolo sanandifunse ine. Anapuma mozama, n'kutambasula dzanja kupapasa mpaka anapeza langa. Linali lozizira.

"Umuyankhe. Umuuze kuti ndalowa. Umuuzenso kuti asathamange, ndikufuna ndidzamuone ali ndi miyendo yonse iwiri." Anafinya dzanja langa. "Iwe undifikitse pakhomopo. Si iwe umandifikitsa paliponse?"

Ndinalemba uthengawo ndi dzanja limodzi, misozi ikundilepheretsa kuona mabatani, chifukwa linalo amayi sanalisiye. Namwino atatuluka kachitatu, amayi anaimirira dzina lisanathe kutchulidwa. Ndinayenda nawo mpaka pachitseko, pamene odikirira odwala sitiloledwa kupitirira. Anavula patapata, namwino anawalandira, chitseko chinatsekeka.

Ndinabwerera pabenchi. Mayi wa kumalire uja anati, "Koma amayi anuwa ndi ena." Ndinati eee, ndi ena. Kenako tonse tinaseka, kuseka kwa anthu amene atula katundu.

Sanachedwemo. Anatuluka ndi bandeji yoyera padiso, akudandaula kuti jekeseni yokha ndi imene inawawa, ndiponso kuti adokotala ankalankhula Chingerezi pamwamba pa nkhope yawo ngati iwo palibe. Ndinawafunsa ngati diso analiika m'mbale. Anati ndisawaseke, akadali mayi anga.

Anawagoneka m'chipinda chachikulu pamodzi ndi amayi ena amene anapalidwa tsikulo. Tsopano diso lopalidwa linali lomangidwa, linalo ndi lija la ng'ala, choncho anali mumdima woposa wa masiku onse. Anakana kudya. Ankangofunsa nthawi, ine n'kumawauza. Nkhani ya folo koloko inali itafalikira chipinda chonse, poti m'chipatala nkhani ya mmodzi ndi ya onse, ndipo anthu anayamba kutiseka mwachikondi.

"Folo ya mwamuna ndi seveni, agogo," anatero mayi wina ali pabedi lapakona. "Wanga anati akubwera Lachiwiri, lero n'Lachinayi."

"Ameneyo ndi wanu," anayankha amayi. "Uyu ndinabala ndine."

Ine ndinalibe chikhulupiriro chotero. Mvula inali isanaleke. Ndinkaganiza za thanthwe loterera lija amayi analitchula, za munthu akutsika yekha mu nkhungu, wopanda womuona akagwa. Ndinayesa kuyimba, foni inali yozima. Pambuyo pake ndinamva kuti anaizimitsa dala kuti moto wotsalawo usathe, angaufune panjira. Koma nthawi imeneyo sindinkadziwa, ndipo itadutsa hafu pasiti fili ndinasiya kuwauza amayi nthawi yeniyeni, ndinkangoti ikadalipo. Iwo anagona chagada monga anawalangizira, manja pachifuwa, nkhope ili phee. Anali atawerengera okha njira ija ndipo anakhutira nayo, pamene ine wamaso awiri ndinkangoyang'ana kukhomo ngati nkhuku yofuna kuikira.

Anayamba kudziwa ndi iwo. Ine ndinali ndisanaone kanthu pamene anati, "Wafika." Kenako ndinamva nsapato zolemera pakhonde, ndipo achimwene anaima pakhomo, atanyowa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, thalauza lili matope kumbuyo konse, umboni woti thanthwe lija analidutsa chokhala pansi. Ankanunkha utsi wa nkhuni za kumtunda. Anapempha kwa namwino kuti alowe, anavula chipewa, n'kudzagwada pambali pa bedi.

"Ndafika, amayi. Pepani."

Amayi anapapasa mutu wawo, mapewa, mikono, ngati akuwerenga ngati zonse zilipo.

"Nthawi ili bwanji, iwe?" anandifunsa.

Ndinayang'ana pafoni. Folo inali isanakwane, kutatsala pang'ono.

"Unati osati isanakwane," anatero amayi. "Wathamanga iwe."

"Sindinathamange, amayi. Wathamanga ndi wanjinga."

"Bodza."

"Pang'ono pokha, m'mitengo muja."

Chipinda chonse chinaseka, ndi mayi wa pakona yemwe, amene anati akanakhala ndi mwana wamkazi wosakwatiwa akanamupereka lero lomwe. Achimwene anachita manyazi, anangoweramitsa mutu. Kenako anayamba kupepesanso, kuti analonjeza kuwafikitsa pakhomo la fiyeta koma alephera. Amayi anawadula.

"Wandifikitsa. Mawu ako anandinyamula pabenchi, mlongo wakoyu anandigwira dzanja. Khotekhote ngwanjira, palinga mtima mpomwepo. Tsopano ndipatseni chakudya, njala yandipha."

Madzulo amenewo, tikuotha moto kukhitchini ya odikirira odwala, zovala zawo zikufuka nthunzi, ndinawauza achimwene kuti ndinatsala pang'ono kuwanamiza amayi kuti ali pa Chitakale. Ndinawafunsanso chifukwa chimene sanangolembera kuti ali pafupi, monga tonse timachitira. Anandiyang'ana modabwa, ngati ndafunsa chifukwa chimene madzi amatsikira kunsi.

"Ukanawauza kuti ndili pa Chitakale, akanati tidikire pang'ono, watsala pang'ono kufika. Pang'ono ameneyo akanawafikitsa thuu koloko." Anasonkhezera moto. "Ndinaima pamphepete paja nthawi ndithu, foni ili m'manja. Kuyimba kunkakana, kumangoduka, ndiye ndinati ndilembe. Ndinayamba ndalemba thuu, poti ndi imene mtima unkafuna. Ndinafufuta. Ndinalemba fili, ndinayang'ana njira mmene inanyowera, ndinafufutanso. Folo inandiwawa polemba, koma ndi imene miyendo ikanakwanitsa."

Kutacha mvula inali italeka. Odwala onse anawakhazika pamzere pakhonde, ndipo adokotala ndi namwino uja ankayenda kumasula mabandeji mmodzimmodzi. Kenako anafika pa amayi. Bandeji inachoka, namwino anapukuta diso ndi thonje, n'kuwauza kuti atsegule pang'onopang'ono. Diso linali lofiira, likutuluka misozi, ndipo amayi analitsinzina kangapo chifukwa cha kuwala. Namwino anaimika zala patsogolo pawo n'kufunsa kuti ndi zingati. Anayankha molondola, mopanda chidwi, maso ali kale kwina.

Anayamba ndi ine, poti ndinali pafupi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndaonda, ndiponso kuti chitenje chimene ndinavala ndi chawo, anachisowa kalekale. Kenako anati, "Ali kuti?"

Achimwene anabwera n'kugwada monga dzulo. Amayi anawagwira chibwano, kutembenuzira nkhope yawo kowala. Pamene ankasiya kuona bwino, mwana wawo anali ndi tsitsi lakuda bii.

"Imvi izi zabwera liti?"

"Pang'onopang'ono, amayi."

"Osandiuza?"

"Sizinatumize uthenga."

Amayi anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi, ndipo namwino anawachenjeza kuti asatikite diso. Ine ndinapita kukalongedza mapoto kuti anthu asandione nkhope.

Atatipatsa mankhwala odontheza ndi kutiuza tsiku lobweranso, tinatuluka. Amayi anakana kugwiridwa dzanja. Ankayenda mosamala, akuyang'ana pansi, akudabwa ndi mapazi awo omwe. Titafika pabwalo anaima. Nkhungu inali itayera, ndipo phiri lonse linali poyera, lotsukidwa ndi mvula, mitsinje yoyera ikutsika m'matanthwe. Anaphimba pamphumi ndi dzanja n'kuliyang'ana, phiri limene anakulira pansi pake, limene sanalione kwa zaka.

"Unali pati polemba muja?"

Achimwene analoza chakumanzere, m'mwamba, kumene mtambo umodzi unali utatsalira.

"Cha uko, kuseri pang'ono."

Amayi anayang'ana komweko, n'kutsitsa maso pang'onopang'ono kutsata phirilo mpaka pansi, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Kutali ndithu," anatero. "Ukanati uli pafupi, bwenzi lero ndisakuona phiri ili, ngakhale imvi zakozo."

Anakonza mpango wawo kumutu, n'kutsogola okha kulowera kumsewu, ife awiri tikutsatira pambuyo ndi katundu.